Lolemba: imelo ya pambuyo pa msonkhano

Msonkhano wa lero unayamba 9 koloko, kudzatha dzuwa lili pamutu. Nkhani inali imodzi: maphunziro a alimi omwe tikukachititsa ku Dedza pa 24 mwezi uno. Wolemba maminitsi ndinali ine, ndipo ndinadzaza masamba anayi a kope.

Nditadya nsima ndinalemba imelo yoti ipite kwa onse, kenaka ndinawerengera mayi osunga chuma. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Achimwene, mwasanduka ahedi pa asembule?" Sananame. Ndinali nditayamba ndi "Monga mukudziwa", ndipo mawu oti "muyenera" ndinawapeza kasanu ndi kamodzi. Ena mwa "muyenera" amenewo amapita kwa abwana, munthu amene amasainira malipiro anga!

Ndinafufuta yonse. Pamutu ndinangolemba kuti "Za ku Dedza: zomwe tagwirizana lero". Pansi pa moni ndinaika zomwe tamanga, zitatu basi: tsiku likhala la 24 lomwelo, alimi akhala 40 osati 60, ndalama zisapitirire K900,000. Mkangano wa theka la ola wokhudza chakudya ndinausiya m'maminitsi, omwe ndinawatumiza ngati fayilo yapadera. Wofuna kudziwa kuti ndani anakwiyira ndani akatsegula yekha.

Pomwe panandivuta ndi pa ntchito za anthu. M'kope mwanga munali mzere woti "galimoto ipezeke". Ipezeke ndi ndani? Tonse tinagwedeza mutu mumsonkhano muja, koma palibe anati ndi ine. Mzere wotere ukalowa mu imelo, pa 23 madzulo aliyense amaloza mnzake. Ndinapita kukafunsa adalaivala, iwo anati amadikira chilolezo cha abwana, abwana anati amayesa zatha kale. Tinamanga pomwepo, nditaima pakhomo pawo.

Chomwe chinachotsa ulaliki ndi mawu amodzi, "anati". M'malo molemba kuti abwana ayenera kusaina, ndinalemba kuti: "Abwana anati asaina chilolezo cha galimoto pofika Lachinayi. Mayi osunga chuma anati atulutsa ndalama za holo Lachisanu. Ine ndiimbira alangizi a ku Dedza mawa m'mawa." Apa sindikutuma munthu, ndikungomubwezera mawu ake. Ntchito iliyonse dzina limodzi, tsiku limodzi. Dzina langa ndinaliikamo dala, kuti asamati mlembi angogawira anzake.

Ndinatseka ndi chiganizo ichi: "Ngati pena ndamva molakwa, ndikonzeni pofika Lachitatu masana." Ndinatumiza 3 koloko, anthu asanaiwale.

Sipanathe ola, mayi osunga chuma anayankha kuti Lachisanu sizitheka, chifukwa mnzawo wosainira cheke ali ku maliro ku Ntcheu. Tasunthira Lolemba likudzali. Mawa ndiyambe ndaimbira eni holo, angaipereke kwa ena.