Za jombo yanga imene inatsala m'dimba la tomato

Popeza mlamu wanga wakhala akufotokozera anthu onse a pamsika wa ku Ulongwe kuti ndinamira m'dimba mpaka m'khosi, ndaona kuti ndi bwino ndilongosole ndekha. Matope anafika m'mabondo basi, ndipo masamu amene ndinawerengera madzi anali olondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Malo amene apongozi anga anandigawira m'dimba lawo ndi a mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, ndiye kuti masikweya mita 200, ndipo tomato anali atayamba kubereka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Alangizi a zaulimi anandiphunzitsa kuwerengera kuti nthawi yotentha chotere madzi okwana mamilimita 6 amatha kuuluka tsiku lililonse pamalo a udzu wothiriridwa bwino, ndipo tomato wobereka amamwa kuposerapo pang'ono, kotero timachulukitsa ndi 1.15 n'kupeza mamilimita pafupifupi 7. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho dimba langa linkafuna malita 1,400 patsiku. Mapaipi odontheza amataya madzi ochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye ndinkayenera kutsegula malita 1,550. Mapaipi anga analipo 10, timabowo tinali totalikirana masentimita 30, tonse pamodzi pafupifupi 670, ndipo kalikonse kankayenera kudontha lita imodzi pa ola. Yankho linali maola awiri ndi mphindi 20 m'mawa uliwonse, ndipo ndinalilemba ndi khala pathanki kuti odutsa adziwe kuti pano pamalima munthu wophunzira.

Apongozi anga aakazi amathirira tomato wawo, pamalo ofanana ndi anga, popatutsa madzi a mumtsinje kuti ayende m'ngalande za pakati pa mizere. Iwo sawerenga chilichonse. Amakumba ndi khasu pafupi ndi phata la tomato mpaka dzanja lilowe lonse, amatapa dothi n'kulifinya, ndipo likaumbika n'kusiya chinyontho m'chikhatho amapita kukachita zina, koma likaumbika movutikira n'kumwazika akangolikhudza ndi chala amatsegula madzi. Ine ndinawerengera mwakachetechete n'kupeza kuti dothi lawo, losakanikirana mchenga ndi makande, limasunga mamilimita pafupifupi 60 m'theka la mita mmene muli mizu yambiri, ndipo tomato amayamba kuvutika akamwa mamilimita oposa 24 mwa amenewo. Zimenezi zimapereka masiku atatu, omwe ndi masiku enieniwo amene dzanja lawo linkawauza. Chimene chinanditonthoza n'chakuti m'ngalande madzi ambiri amalowerera pansi kupitirira mizu ndipo ena amatuluka kumapeto kwa mzere, moti kuti mbewu ilandire malita 4,200 a masiku atatuwo iwo ankayenera kutsegula malita pafupifupi 7,000, pamene ine ndinkakwanitsa ndi malita 4,650. Nkhani imeneyi ndinaitchula kangapo pa chakudya chamadzulo, mwina koposa mmene mkamwini amayenera kuchitira.

Kenako tomato wa kumunsi kwa dimba langa anayamba kufota. Kufota masana pamene dzuwa lili paliwombo sikuopsa, chifukwa madzulo masamba amadzukanso, koma wanga ankapezeka wofota ndi m'mamawa momwe, ndipo zipatso zina zinayamba kuda kunsi kwake. Pamwamba pa dothi panali pouma gwa, kupatula timadontho tonyowa apo ndi apo, pamene kwa apongozi madzi ankanyezimira m'ngalande zonse. Tsopano aliyense amandiuza kuti kuuma kwa pamwamba ndiko chikhalidwe cha mapaipi odontheza, popeza chinyontho chimafalikira pansi, ndiponso kuti ndikanaika kapu pansi pa kabowo kwa mphindi 6 n'kuona ngati mwagwera mamililita 100, kumtunda ndi kumunsi komwe. Amandiuzanso kuti ndikanatsegula sefa n'kupeza ndere ndi matope a mumtsinje zitaitseka, moti maola anga awiri ndi mphindi 20 ankatulutsa mwina theka la madzi a m'masamu. Anthu onse anzeru amenewa sanaoneke madzulo a tsiku limenelo.

Amene anaoneka ndi ine ndi singano yosokera matumba. Ndinachotsa sefa, ndinakuza timabowo kuyambira kufupi ndi thanki, ndipo mdima utandipeza ndisanafike pakati ndinasiya mpopi uli chitsegukire kuti mbewu zibweze ludzu usiku wonse. Thankiyo imadzazidwa ndi paipi yochokera kumtunda kwa mtsinje, ndipo paipiyo sigona. Madzi a m'mapaipi otere amatulukira pamene apeza khomo lalikulu, choncho mabowo anga atsopano anamwa mphamvu yonse, kumtunda kunasanduka dambo, ndipo kumunsi, kumene kunali odwala enieni, sikunafike ngakhale dontho.

M'mawa ndinalowa m'dimba molimba mtima, chifukwa pamwamba pankangooneka ponyowa bwino. Phazi loyamba linalowa mpaka m'kakolo, lachiwiri mpaka m'bondo, ndipo pamene ndinkalimbana kuti ndizule loyambalo, phazi linatuluka lokha, jombo n'kutsala pansi ikulira kuti fwuu. Ndinaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, sokosi yobooka pa chala chachikulu ili m'mwamba, ndipo nthawi yomweyo apongozi anatulukira ndi khasu lawo paphewa, atatsogoza mwana wanga wamkazi. Mwambo sulola kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi ayang'anizane n'kumacheza mwachisawawa, ndiye ulemu unafuna kuti ndipatuke ndi kunjuta. Kupatuka kunali kosatheka, ndipo nditayesa kunjuta ndi mwendo umodzi ndinangokhala pansi m'matope pang'onopang'ono, mwaulemu wonse, manja ali chiombere. Iwo anatembenukira kumbali n'kumayang'ana phiri la Domwe kwa nthawi yaitali kwambiri, mapewa awo akugwedezeka, ndipo ine ndinasankha kukhulupirira kuti akutsokomola. Kapaipi kena kamene ndinakaboola mwakhama kankandithira madzi m'khutu nthawi yonseyi, ndipo sindinasunthe mutu, poopa kuoneka ngati munthu amene zinthu sizikumuyendera. Kenako anauza mwanayo mofatsa kuti, "Iwe, kawafunse bambo ako ngati mamilimita aja akwana, kapena tiwapatutsireko ngalande." Mwanayo anayenda mpaka m'mphepete mwa matope n'kubwereza mawu onse mokweza, ngakhale kuti tonse tinali pamalo amodzi.

Mizu ya tomato imafuna mpweya, ndipo dothi likakhuta madzi kwa nthawi yaitali mbewu imafota chimodzimodzi ndi ya ludzu, kotero m'masiku otsatira ndinali ndi tomato wofota kumtunda chifukwa cha madzi ndi wofota kumunsi chifukwa cha chilala, m'dimba limodzi la mamita 20. Zipatso zimene zinali pafupi kupsa zinang'ambika chifukwa cholandira madzi ambiri mwadzidzidzi. Mapaipi obooledwawo sakonzeka, ndiye ndinadula mbali zowonongeka n'kulumikiza zatsopano. Masiku ano ndimatsuka sefa ndisanatsegule mpopi, ndimayesa ndi kapu kumayambiriro ndi kumapeto kwa paipi, ndipo ndimakumba pambali pa kabowo n'kufinya dothi, koma ndimachita zimenezi apongozi asanafike. Nthawi yolembedwa pathanki sindinaifufute, chifukwa ikadali yoona malinga ngati kabowo kalikonse kakudontha lita imodzi pa ola, ndipo madzi amene ndimagwiritsa ntchito akadali ochepa poyerekeza ndi a m'ngalande, mukachotsapo usiku umodzi uja.

Jomboyo mlamu wanga akuti anaikumba ndipo akuisunga, koma akufuna ndimugulire kaye chakumwa. Inali yakumanzere.