Chifukwa chake ziro wa pakati pa atomu si nodi

Kwa milungu itatu ndinkalakwitsa funso limodzi la atomu ya haidrojeni, ndipo ndinkalilakwitsa mofanana nthawi zonse. Ndikapatsidwa girafu ya mwayi wopeza elekitironi pa mtunda r kuchokera ku nyukiliyasi, ndinkawerenga malo onse amene mzere wakhudza ziro, kenako n'kupeza nodi imodzi yopitirira pa zimene lamulo la n − l − 1 likunena. Mu lamuloli n ndi nambala ya obitalo, monga 2 wa mu 2s, ndipo l ndi 0 pa obitalo ya s koma 1 pa ya p. Pa obitalo ya 2s ndinkapeza ziwiri, pamene lamulo likupereka imodzi. Ndinafika poganiza kuti m'buku muli cholakwika.

Ndinazindikira vuto langa usiku wina kuno ku Chipata magetsi atazima, ndikujambulanso 1s pa kuwala kwa kandulo. Ndinkasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Wevufankishoni ndi fomula yofotokoza elekitironi mu atomu, ndipo mbali yake yodalira mtunda, R(r), pa 1s imakhala yaikulu koposa pa nyukiliyasi penipeni, ndipo imatsika monga e^(−r/a₀). Koma girafu imene amatifunsa kawirikawiri ndi ya P(r) = r²R², yomwe ikunena za mwayi wopeza elekitironi m'chikhungwa chonse chopyapyala chozungulira nyukiliyasi pa mtunda umenewo. Zikhungwazo zili ngati za anyezi: chapakati ndi chaching'ono zedi, ndipo chilichonse chakunja n'chokulirapo, chifukwa kukula kwake kumatsatira 4πr². Pa r = 0 chikhungwacho chilibe malo konse, choncho P ndi ziro ngakhale kuti R ili pamwamba. Ziro ameneyo wabwera ndi r², osati ndi wevufankishoni. Chikhungwa chikamakula R ikuchepa, ziwirizi zimakokerana mpaka P ifika pachimake pa r = a₀, mtunda wa Bohr, womwe ndi mapikomita pafupifupi 52.9.

Nodi yeniyeni ya mtunda ndi pamene R yadutsa ziro n'kusintha chizindikiro. Pa 2s, R imayenda monga (2 − r/a₀)e^(−r/2a₀). Mbali ya e sifika ziro pa mtunda uliwonse woyezeka, motero ziro angachokere m'mabulaketi mokha, pa r = 2a₀. Mkati mwa mtunda umenewu R ndi yoposa ziro, kunja kwake ndi yochepera ziro. Tikaichulukitsa ndi iyo yomwe chizindikirocho chimatayika, ndipo pa girafu ya P pamatsala zitunda ziwiri: chaching'ono pa 0.76a₀ ndi chachikulu pa 5.24a₀. Nditawerengetsa malo a pansi pa chitunda chaching'onocho ndinapeza 1 − 7e^(−2), kutanthauza kuti mwayi wopeza elekitironi mkati mwa nodi ndi magawo 5 okha pa 100. Pa 2p, R imayamba ndi r, kotero nayonso ndi ziro pa nyukiliyasi, koma sisintha chizindikiro paliponse. Girafu yake ya P ili ndi chitunda chimodzi pa 4a₀, ndipo nodi imodzi ya obitaloyi ndi ya ngodya, popeza l = 1.

Kuyambira usiku umenewo sindiyambanso ndi P. Ndimayamba kujambula R ndi zizindikiro zake, ndilemba pamene yadutsa mzere, ndipo pambuyo pake ndichulukitsa R² ndi r². Ndinayesa njirayi pa 3s, pamene 27 − 18(r/a₀) + 2(r/a₀)² = 0 imapereka nodi pa 1.9a₀ ndi 7.1a₀, ndipo zitunda zinatuluka zitatu, monga n − l ikunenera. Ndikukhulupirira kuti amene wajambula zinayi izi ndi dzanja lake safunikanso kuloweza lamulo lililonse la manodi, ndipo anzanga a m'gulu lathu lowerengera limodzi ndawauza kale kuti asiye kuloweza.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anaika magirafu a R, R² ndi P patsamba limodzi, nadutsapo m'mphindi zochepa osatchula kuti mzere woimirira ukuyeza zinthu zosiyana pa girafu iliyonse. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo nthawi yokumana nawo ndi yochepa, koma chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsira milungu itatu.

Pali chimene sichinakhazikikebe mumtima mwanga. Pa haidrojeni, 2s ndi 2p zili ndi mphamvu yofanana, pafupifupi −3.4 eV, ngakhale kuti maonekedwe awo ndi osiyana chonchi, ndipo avereji ya mtunda ndi 6a₀ pa 2s koma 5a₀ pa 2p. Masamu ndikuwatsatira, ndipo ndikuona kuti mphamvu ikudalira n yokha. Koma ndikayang'ana kachitunda kamkati ka 2s, kamene amati ndiko kamatsitsa mphamvu ya obitaloyi pa maatomu a maelekitironi ambiri monga lithiyamu, sindinathebe kudzifotokozera m'mawu anga chifukwa chake pa haidrojeni kachitundako kakulipira ndendende kutalika kwa chitunda chakunja.