Miyezi itatu yonse 30, ine ndikunyada

Ndikudziwa kuti ena mwamva kale pa maliro aja ku Mufakose ku Harare, chifukwa mlamu wanga pakamwa pake palibe chitseko, ndiye bola ndifotokoze ndekha musanawonjezere mchere. Eya, ndine amene ndinauza abwana kuti timu yathu imameja ma PR 30 ndendende mwezi uliwonse, ndiye kuti ma pull request, zosintha za kodi zimene timavomereza nkuziphatikiza pa GitHub.

Ku ofesi ine ndi munthu wa pa teminolo, mausi ndimaiona ngati chinthu cha ana. Achemwali ena amene timakhala nawo desiki imodzi, akwathu a ku Dedza koma anakulira ku Mbare, iwo zonse ndi pa bulawuza, kudina kudina, ndipo ndakhala ndikuwaseka chaka chonse kuti achemwali chala chidzakuthokani. Ndiye abwana atafuna lipoti la ma PR omejedwa kuyambira Januwale mpaka Malichi ndinati musavutike bwana, mzere umodzi basi wa `gh`, chida cha GitHub cha pa teminolo.

```
gh pr list --state merged \
  --search "merged:2024-01-01..2024-01-31" | wc -l
```

Yatuluka 30. Ndasintha madeti, Febuluwale, 30. Malichi, 30. Apa munthu wanzeru akanaima kaye nkukanda mutu. Ine ayi, ndinapanga galafu. Galafu anthuni, mizati itatu yofanana ngati mapolo a magetsi a mu msewu wa Samora Machel, ndinaipakanso mitundu, ndipo mu mitingi ndinaimirira nkunena kuti bwana izi zikuonetsa kuti timu yakhazikika, sitikwera sititsika. Abwana anagwedeza mutu nkufunsa kuti ngakhale Febuluwale wa masiku 29, mwezi umene anyamata awiri anali pa tchuthi? Ine osaphethira ndinati ndiye kulimbikira kwakeko bwana, otsalawo anasenza katundu wa anzawo. Ndinayamikira anthu mmodzimmodzi. Wina mpaka anawomba m'manja, sindikunama.

Nthawi yonseyi achemwali aja ali phee, chala chija chikugwira ntchito. Atsegula tsamba la Pull requests pa GitHub, mu kabokosi kofufuzira alemba `is:pr is:merged merged:2024-03-01..2024-03-31`, nambala yaonekera pamwamba pa mndandanda pomwepo. Kenako mwaulemu wopweteka uja, achimwene pepanitu, kunotu Malichi akuonetsa 87. Januwale 52, Febuluwale 41. Mu chipinda munangoti zii, jenereta yokha kulira panja.

Chimene chinachitika nchakuti `gh pr list` ukapanda kuiuza imabweretsa 30 zokha, ndi malire ake achibadwa. Chowawa nchakuti imakuuza ndithu, ukaithamangitsa yokha pamwamba pamabwera kamzere koyamba ndi `Showing 30 of 87`, koma ukangoilumikiza ndi paipi kupita ku `wc -l` yowerenga mizere, kamzere kaja sikatulukanso, imangolavula mizere youma. Ndiye ine chenjezo ndinalitaya ndekha ndi kuchenjera kwanga. Mukaona nambala ikubwera 30 yeniyeni kawiri motsatizana musapange galafu chonde, ikani `--limit`.

Komabe ndisanyozeke kwambiri. Funso lija linali limodzi, ripo imodzi, ndiye kuti nkhokwe imodzi ya kodi, nambala imodzi, pamenepo ndikuvomera kuti bulawuza imapambana, imakuwerengera yokha ndipo umaona ndi maso. Koma tsiku lomwelo masana abwana anabweranso kuti chabwino, pa 87 paja aliyense anachita angati, ndipo ndikufuna ma ripo onse asanu ndi limodzi. Apa achemwali nkhope inagwa, chifukwa pa webu tsamba limodzi limaonetsa 25, ndiye kaya uzidina `Next` nkumalemba timizere pa pepala ngati wowerenga mavoti, kaya uzisefa dzina limodzi limodzi, anthu naini kuchulukitsa ma ripo sikisi, ndipo mwezi wamawa uyambirenso. Ine ndinangoti psss, sunthani.

```
gh pr list --state merged --limit 500 \
  --search "merged:2024-03-01..2024-03-31" \
  --json author --jq '.[].author.login' | sort | uniq -c
```

Ndinaikulunga mu lupu ya `for` ndi `--repo` kuti izungulire ma ripo onse, tiyi asanazizire zonse zatuluka, dzina ndi nambala yake. Ntchito ikakhala yobwerezabwereza, kapena yofuna kuphatikiza zinthu zimene tsamba silikuphatikizira, sikiripiti ilibe mnzake. Kungoti nayonso ili ndi denga lina, kufufuza kwa GitHub sikubweza zopitirira 1000 pa funso limodzi ngakhale utakweza `--limit`, ndiye ukafuna za chaka chonse pa ripo yotanganidwa uzidula mwezi ndi mwezi, apo ayi udzanenanso mu mitingi kuti chaka chino ndi 1000 ndendende.

Ndinadikira kuti wina ayamikire. Palibe. Abwana anatenga manambala anga nkupatsa achemwali kuti awatsimikize kaye pa bulawuza. Ndipo mndandanda womwewo unaonetsa kuti ine mwini sikiripiti mwezi wonse wa Malichi anga omejedwa anali awiri, imodzi yake yokonza sipelo mu `README`.

Pano ku ofesi dzina langa ndi Sate. Dzulo pa kombi ya ku Copacabana kondakitala anati yatsala malo angati, mlamu wanga kumbuyo nkukuwa kuti afunseni awa, ayankha 30.