Chifukwa chake khoma limaphethira pa vidiyo yopentedwa

Pa zimene ndakhala ndikuphunzira zokhudza kusandutsa vidiyo kuti ioneke ngati yopentedwa ndi bulashi, chandigwira mtima kwambiri ndi khoma. Munthu amene akuyenda pa vidiyoyo savuta kwenikweni. Khoma limene langoima kumbuyo kwake ndi limene limaphethiraphethira mpaka maso kuwawa.

Vidiyo ya mafelemu 24 pa sekondi ndi zithunzi 24 zosiyana. Ngakhale kamera itakhazikika, kuwala kwa pikiselo iliyonse, kadontho kakang'ono ka chithunzi, kumasinthako pang'ono. Pulogalamu yopenta felemu iliyonse payokha imakuza kusintha kochepako: mzere wa bulashi umene unapendekera kumanzere, pa felemu yotsatira wapendekera kumanja. Chithunzi chilichonse pachokha n'chokongola ndithu, koma zikamatsatana, khoma limabwadamuka ngati phala pamoto.

Kusakaniza felemu yatsopano ndi yapitayo kumakhazikitsa khomalo, koma munthu woyenda amasiya mthunzi wake m'mbuyo. Njira imene Manuel Ruder, Alexey Dosovitskiy ndi Thomas Brox a ku yunivesite ya Freiburg anafotokoza mu 2016 imayamba ndi kufunsa kumene pikiselo iliyonse yachokera. Yankho lake ndi oputiko fulo, mapu osonyeza mmene kadontho kalikonse kasunthira. Mapuwa amawerengedwa pa vidiyo yoyambirira, chifukwa yopentedwa ili kale ndi kuphethira kumene kungasocheretse mawerengedwe. Kenako utoto wa felemu yapitayo umakokedwa motsatira mapuwo. Mu OpenCV, laibulale ya mapulogalamu ogwira ntchito pa zithunzi, zimaoneka chonchi:

```python
flow = cv2.calcOpticalFlowFarneback(gray_t, gray_prev, None,
                                    0.5, 3, 15, 3, 5, 1.2, 0)
ys, xs = np.indices(gray_t.shape, dtype=np.float32)
warped = cv2.remap(styl_prev, xs + flow[..., 0],
                   ys + flow[..., 1], cv2.INTER_LINEAR)
```

Powerengera `flow`, felemu yatsopano, `gray_t`, ndiyo ikuyamba, chifukwa `remap` imafuna kudziwa kokatenga utoto wa pikiselo iliyonse ya panopa.

Pamene pali nkhani yeniyeni, mmene ine ndikuonera, ndi podziwa malo amene mapuwa akunama. Tiyerekeze kuti munthu uja akusuntha mapikiselo 6 kupita kumanja pa felemu iliyonse. Kumbuyo kwake kumatseguka kachigawo ka khoma kamene pa felemu yapitayo kanali kobisika. Utoto wa pamenepo kulibe kokautenga, ndipo ukaukoka mokakamiza, malaya a munthuyo amapakika pakhoma.

Malo oterowo amagwidwa powerengera kayendedwe kawiri, kobwerera ndi kopita, n'kuona ngati pikiselo ikubwerera pamene inali. Tikati w ndi kayendedwe kobwerera ndipo v ndi kopita, pikiselo imakanidwa zikakhala chonchi:

```
|w + v|² > 0.01 (|w|² + |v|²) + 0.5
```

Pikiselo ya paphewa la munthuyo imabwerera m'mbuyo 6, n'kupitanso kutsogolo 6. Kuphatikiza kumapereka 0, pomwe malire ndi 1.22, choncho ndi yodalirika. Koma pikiselo ya khoma longotseguka kumene imati sinasunthe, ndiye ikabwerera pa felemu yapitayo imakatera pamsana pa munthu, amene akupita kutsogolo 6. Kumanzere kwa chiwerengerocho kumabwera 36, malire ali 0.86 chabe. Imeneyo imakanidwa, ndipo imapentedwa mwatsopano. Kamera ikadumphira pa malo ena, pafupifupi mapikiselo onse amakanidwa, ndiye ndi bwino kungoyambiratu pamenepo.

A ku Freiburg aja sankasakaniza zithunzi mwachindunji. Ankalanga pulogalamuyo nthawi iliyonse ikapenta zosiyana ndi utoto wokokedwawo pamalo odalirika. Ine poyeserera ndimagwiritsa ntchito njira yachidule: magawo 0.8 a utoto wokokedwa, 0.2 a watsopano. Nambalayi ili ndi mtengo wake. Pakadutsa mafelemu 10, utoto woyamba umatsala pafupifupi 0.11, ndiye sukhalitsa mokwanira kuti uwonongeke. Ukakweza kufika pa 0.95, kuphethira kumatheratu, koma utoto womwewo umakokedwa kambirimbiri, ndipo kukoka kulikonse kumasakaniza mapikiselo oyandikana. Mizere ya bulashi imafufutika pang'onopang'ono mpaka nkhope kuoneka ngati yonyowa. Ine bola kuphethira pang'ono kusiyana ndi zimenezo, ngakhale ena angatsutse.

Maso amatopa msanga ukamaonera kachidutswa komweko mobwerezabwereza, ndiye ndinaphunzira kayezedwe kena. Umatenga mzere umodzi wopingasa, womwewo pa felemu iliyonse, n'kuisanjikiza mizereyo kuchokera pamwamba kutsika, kuti ipange chithunzi chimodzi. Khoma lokhazikika limatuluka ngati mizere yowongoka yotsika pansi, munthu woyenda amakhala mzere wopendekera. Mizere yakhoma ikakhala yodukaduka, kuphethira kukadalipo. Mzere wopendekerawo ukakhala ndi mchira wa mtundu wa malaya kumbali imene munthu wachokera, ndiye kuti malo ongotseguka sakugwidwa bwino, ndipo pamafunika kutsitsa 0.5 uja kapena kuwerengera kayendedwe ndi njira yolondola kuposa ya Farnebäck imene ndagwiritsa ntchito mu OpenCV muja, monga RAFT ya mu 2020. Pamadzi, utsi ndi tsitsi louluka, ngakhale RAFT imasochera, ndipo pamenepo ndimatsitsa 0.8 ija kuti utoto watsopano uchuluke.