Mmene ndinabwezeretsera sikirini yanga dalaivala atasokonekera

Laputopu yanga ili ndi sikirini ya mainchesi 15.6 ndipo imayendera Windows 11. Ndimailumikiza ndi chingwe cha HDMI ku wailesi yakanema ya mainchesi 32 imene ili pakhoma, kuti amene ndikuwalembera zikalata aziona ntchito yawo ndisanaisindikize. Madzulo ena ndinayamba kulowetsa dalaivala watsopano wa zithunzi, pulogalamu imene imauza Windows mmene ingalankhulire ndi kachipangizo kojambula zonse zooneka pa sikirini. Ntchito ili mkati magetsi anathima. Batire yanga ndi yotopa, sipirira ngakhale mphindi zisanu, choncho makina anazima zinthu zili theka.

Nditayatsa m'mawa ndinapeza tizithunzi ta pa desikitopu tatupa, ndipo tambiri tinali titaunjikana kumanzere, osati pomwe ndinatiika. Kamuvi ka mausi kanali kakakulu, mzere wa pansi uja wa tasikibaa unali wokhuthala ndipo unali wodzaza ndi mapulogalamu ochepa chabe.

Choyamba chimene ndinachita chinali cholakwika, ndipo ndikuchitchula chifukwa ndi chimene dzanja limathamangira. Ndinagwira batani la Ctrl n'kuzunguza kagudumu ka mausi, tizithunzi tija n'kuchepa. Kenako ndinayamba kufunafuna pochepetsera kamuvi. Ndinaima nditayang'ana chizindikiro china chimene ndikudziwa kuti ndi chozungulira ngati ndalama yachitsulo: chinali chitatambalala ngati dzira logoneka. Kukula kwa tizithunzi sikungapotoze chinthu chozungulira. Chimene chimapotoza ndi kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, amene Windows ikutumiza ku sikirini.

Ndinadina kumanja pa desikitopu, n'kusankha Display settings. Pa Display resolution panalembedwa 1024 x 768, pamene sikirini yanga inapangidwa ndi mapikiselo 1920 x 1080. Chithunzi chochepa chinkakokedwa kuti chidzaze malo aakulu, n'chifukwa chake chilichonse chinakula pamodzi, kamuvi, tasikibaa ndi zilembo zomwe. Komanso 1024 x 768 ndi muyezo wa 4 kwa 3, wa masikirini akale aja, pamene yangayi ndi ya 16 kwa 9, ndiye kukokako kunali kwakukulu m'mbali kusiyana ndi m'mwamba. Tizithunzi tinaunjikana chifukwa malo amene tinali, kudzanja lamanja, kunalibenso. Ndinayesa kusintha nambalazo koma kabokosi kake kanali kotuwa, kosadinika. Chowonjezera ndi chochepetsera kuwala nachonso chinali chitasowa.

Ndinayesa kaye njira yachidule: kukanikiza pamodzi Win, Ctrl, Shift ndi B. Sikirini imaphethira, makina n'kulira kamodzi, dalaivala wa zithunzi n'kudzutsidwanso popanda kuzimitsa kompyuta. Imathandiza ngati dalaivala alipo koma wangokakamira. Kwa ine sinasinthe kanthu, ndipo izi zinandiuza kuti ndikaone ngati dalaivalayo alipo n'komwe.

Ndinakanikiza Win ndi R, n'kulemba izi:

```
devmgmt.msc
```

Mu Device Manager ndinatsegula Display adapters. Pamene pamayenera kuoneka dzina la kachipangizo kanga panalembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Ameneyu ndi dalaivala wongogwirizira amene Windows imagwiritsa ntchito weniweni akasowa kapena akalephera kudzuka, kuti munthu asatsale mumdima. Amaonetsa chithunzi basi, zina zonse sazitha. Kulimbana ndi kukula kwa tizithunzi iye ali pampando n'kutunga madzi ndi dengu.

Malangizo ofala ndi akuti mudine kawiri pa dzinalo, mupite pa Driver, mudine Roll Back Driver kuti mubwerere kwa dalaivala wakale. Ndi malangizo abwino ngati watsopanoyo analowa bwinobwino koma sakugwirizana ndi makina anu. Kwa ine batanilo linali lotuwa. Ndinatsala pang'ono kugula bandulo yaikulu yokatengera dalaivala pa intaneti, poti mafayilo amenewa amafika mamegabaiti mazana angapo, koma ndinakumbukira kuti Windows kawirikawiri imasunga madalaivala amene analowapo kale. Ndinadina Update driver, kenako Browse my computer for drivers, kenako Let me pick from a list of available drivers on my computer. Pamndandandawo dzina la kachipangizo kanga linalipo kawiri, lililonse ndi deti lake. Ndinasankha la deti lakale, lomwe ndakhala nalo popanda vuto. Sikirini inada kwa masekondi angapo, inabwerera, ndipo ndinayambitsanso makina. Mndandanda ukakhala wopanda dzinalo, pamenepo ndiye pofunika kukatenga dalaivala kwa amene anapanga laputopuyo, potsata nambala ya mtundu wake yolembedwa kunsi. Ndipo chaja chikhale cholumikiza, batire itadzaza.

Makina atadzuka, zinthu zinatembenuka. Zilembo zinali zakuthwa bwino koma zazing'ono zopweteka maso. Choopsa kwambiri, desikitopu inali yopanda kachithunzi ngakhale kamodzi, ndipo ndikakankhira mausi kumanzere kamuvi kankatuluka m'mphepete n'kusowa. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti mafayilo a anthu apita.

Sanapite. Chingwe cha HDMI chinali chikadali cholumikiza, ndipo ngakhale wailesi yakanema ndinali nditaizimitsa ndi rimoti, kompyuta inkaionabe kuti ilipo. Dalaivala atabwerera, Windows inaitenga ngati sikirini yaikulu, kutanthauza yotsogolera inzake, ndipo tizithunzi ta pa desikitopu timakhala pa sikirini yaikuluyo. Kamuvi kankangowolokera ku sikirini yozimayo. Ndinakanikiza Win ndi P, n'kusankha PC screen only, ndipo zonse zinabwerera pamaso panga nthawi yomweyo. Kamuvi kakamasowera mbali imodzi yokhayokha nthawi zonse, yesani zimenezi musanaganize kuti mausi yafa.

Tsopano ndinafika pa zinthu ziwiri zimene anthu timazisokoneza. Display resolution ndi kuchuluka kwa mapikiselo, ndipo pa sikirini ya laputopu iyenera kukhala pa nambala imene pambali pake palembedwa Recommended. Mukaitsitsa kuti zinthu zikule, zimakuladi koma zimachita chimbuuzi. Choyenera kukulitsira ndi Scale, chimene chili pamwamba pake. Changa chinali chitagwera pa 100%, pamene Recommended inali pa 125%. Pa 125% mapikiselo onse 1920 x 1080 akugwirabe ntchito, koma chilichonse chimajambulidwa chokulirapo, moti malo ogwirirapo ntchito amafanana ndi 1536 x 864. Nditasankha 125%, zilembo, kamuvi ndi mawindo zinabwerera pa msinkhu umene maso anga anauzolowera. Pali malo enanso otchedwa Custom scaling olembapo nambala iliyonse kuyambira 100 mpaka 500. Ine sindiwakonda: nambalayo imagwira masikirini onse mofanana, imatseka kabokosi ka Scale, ndipo kuti igwire kapena ichoke muyenera kutuluka mu akaunti n'kulowanso. Mukapeza Scale yatuwa ndi mawu akuti Turn off custom scaling and sign out, dinani pamenepo.

Tasikibaa yokha inatsalira. Wotchi inali itadulidwa theka ndipo tizithunzi take tinali tosalingana. Tasikibaa ndi desikitopu zimayendetsedwa ndi pulogalamu imodzi, ndipo nthawi zina siimva msanga kuti muyezo wasintha. Ndinakanikiza Ctrl, Shift ndi Esc, n'kupeza Windows Explorer pamndandanda wa Task Manager, kudina kumanja ndi kusankha Restart. Mzerewo unasowa kwa kanthawi n'kubwerera uli bwino.

Apa m'pamene ndinalipira kupupuluma kwanga kwa m'mawa. Tizithunzi tija ndinatichepetsa ndi Ctrl tinali tsopano ngati nyerere. Ndinadina kumanja pa desikitopu, View, Medium icons. Pomwepo ndinaonetsetsa kuti palibe chonga pa Auto arrange icons, poti ndicho chimakankhira zonse kumanzere, n'kusiya Align icons to grid. Kubwezera kachithunzi kalikonse pamalo pake kunali kwa pamanja. Kamuvi sindinakakhudze, koma ndinakaona pa Settings, Accessibility, Mouse pointer and touch, pomwe Size inali pa 1, poyambira pake.

Inatsala wailesi yakanema. Ndinaiyatsa, Win ndi P, Extend. Mu Display settings munaoneka timabokosi tiwiri, ndipo batani la Identify linaonetsa nambala pa sikirini iliyonse. Ndinadina ka laputopu, n'kutsegula Multiple displays, n'kuchonga Make this my main display. Kenako ndinakokera kabokosi ka wailesi kumanja, komwe ilidi pakhoma, n'kudina Apply. Sikirini iliyonse ili ndi Scale ndi Display resolution yakeyake, choncho muyenera kudina kabokosi kake kaye musanasinthe kanthu. Kusintha Display resolution sikoopsa: chithunzi chikada, ingodikirani masekondi 15 osadina Keep changes, chibwerera chokha.

Pa wailesipo tasikibaa inkaoneka mutu wokha, theka la pansi litamira, ndipo m'mbali namonso munali modulidwa. Kudulidwa kofanana mbali zonse zinayi sikuchokera ku Scale. Mawailesi ambiri amakulitsa chithunzi pang'ono n'kutaya m'mphepete, chizolowezi chochokera ku nthawi ya mawailesi akale. Mapulogalamu a kachipangizo kojambula zithunzi kaja ali ndi pochepetsera chithunzi kuti chikwane, ndipo dalaivala akachotsedwa zimene munakonza kumeneko zikhoza kufufutika, monga zinandichitikira. Ulendo uno ndinakonzera pa wailesi yeniyeniyo ndi rimoti, pa muyezo wa chithunzi. Dzina limasiyana malinga ndi mtundu: ena amalemba Just Scan, ena Screen Fit. Njirayi ndi yabwinopo chifukwa pikiselo iliyonse imagwera pamalo pake, zilembo sizifufuma.

Ndinayesa ndamaliza, koma mawa lake nditalumikiza chingwe, wailesi inalandanso ukulu, tizithunzi n'kusamuka. Windows imasunga kumbukiro la sikirini iliyonse imene inalumikizidwapo, ndi mmene inayalidwira, ndipo langa linali litasokonezeka. Kulifufuta kumafuna kulowa mu `regedit`, pulogalamu yosinthira zokonzedwa za mkati mwa Windows, malo amene kulakwitsa kwake n'kowawa, ndiye ndinachita pomaliza penipeni, chingwe nditazula. Ndinapita apa:

```
HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\GraphicsDrivers
```

Ndinadina kumanja pa GraphicsDrivers, Export, n'kusunga fayiloyo pa fulashi kuti ndikhale ndi pobwerera. Kenako ndinafufuta timafoda titatu tokha ta mkati mwake: Configuration, Connectivity ndi ScaleFactors. GraphicsDrivers yeniyeniyo sindinaikhudze. Nditayambitsanso makina, Windows inatipanganso tatsopano, laputopu inadzuka pa 1920 x 1080 ndi 125%. Ndinalumikiza wailesi, inabwera pa Duplicate ngati yachilendo, ndipo ndinabwereza zija: Extend, laputopu kukhala yaikulu, kabokosi kachiwiri kumanja. Ndinazula chingwe ndi kulumikizanso katatu, n'kuzimitsa makina kamodzi, ndipo tizithunzi sitinasunthe.