Wolemba wanga wakhala panja theka la ola

Lachitatu usiku. Tulo sitikubwera, ndiye bola ndilembe.

Cha m'ma 10 koloko m'mawa foni inalira: mitengo yatsopano sikuoneka, makasitomala akulipirabe mitengo ya dzulo. Seva yathu imasunga tebulo la mitengo m'memori, ndipo mathuredi 64 amaliwerenga tsiku lonse. Pali thuredi imodzi yokha yolemba, yomwe imalowetsa mitengo ikasintha. Tebulolo tinalitchinga ndi `pthread_rwlock_t`, loko yomwe imalola owerenga ambiri kulowa pamodzi, koma wolemba amalowa yekha m'kati mukakhala mulibe aliyense. Khodi imeneyi ndinailemba ndine chaka chatha, ndipo ndinkanyadira nayo, ndisaname.

Chodabwitsa n'chakuti seva sinafe. Ikuyankha bwinobwino, pulosesa ili kalikiliki. Ndinatsegula `gdb` n'kulemba `thread apply all bt`. Owerenga onse ali pantchito, wina apa wina apo. Wolemba ali phee pa `pthread_rwlock_wrlock`. Patapita mphindi 5 ndinayang'ananso: owerenga asuntha, iye ali pomwepo.

Achimwene omwe timakhala nawo desiki imodzi, amene anayamba ntchitoyi ine ndidakali ku sekondale, anabwera ndi kapu yawo ya tiyi.

"Pali amene waiwala kumasula loko," anatero. "Fufuza `unlock` yosowa."

"Ayi achimwene, aliyense akumasula. Ndaonamo kawiri."

"Nanga ngati aliyense akumasula, iyeyo akudikira chiyani?"

Funso limeneli linatitengera m'mawa wonse. Wolemba sadikira munthu mmodzi. Amadikira mphindi imene chiwerengero cha owerenga chifike pa 0. Ndipo pa Linux, loko ya `glibc` ukangoisiya mmene imabwerera imakondera owerenga: wowerenga watsopano akapeza mnzake ali m'kati amangolowa, ngakhale wolemba ataima pakhomo kuyambira kale. Wina asanatuluke wina walowa. Palibe amene wakhalitsa, koma chipinda sichikhala chopanda munthu.

Iwo anapukusa mutu. Akuti kuwerenga kumodzi kumatenga mamilisekondi 4 okha, mpata sungalephere kupezeka. Tinatenga pepala. Masana timalandira mapempho pafupifupi 4,000 pa sekondi. Kuchulukitsa 4,000 ndi 0.004 kumapereka 16, kutanthauza kuti nthawi iliyonse muli owerenga pafupifupi 16 m'kati. Ngati mapempho amabwera mwachisawawa, nthawi yomwe chipinda chimakhala chisanapume ndi pafupifupi `(e^16 - 1) / 4000`, ndiye kuti masekondi oposa 2,200. Mphindi 37! Usiku mapempho amatsika kufika 500 pa sekondi, owerenga m'kati amakhala 2, ndipo masamu omwewo amapereka mamilisekondi 13. N'chifukwa chake chaka chonse sitinaone kanthu. Mitengo tinkasintha usiku, lero ndi koyamba kusintha dzuwa lili pamutu. Katundu anangokula ka 8, koma kudikira kunachoka pa kuphethira kwa diso kufika pa ulendo wa minibasi.

Anayang'ana pepala lija kwa nthawi, n'kunena kuti, "Komabe owerenga sapwetekana. Kuwaimitsa n'kutaya liwiro lomwe unaikira loko imeneyi."

Apa mtima unayamba kundiwawa, osati chifukwa analakwa. Ndi mawu omwe ndinanena ine mwini chaka chatha pamene wina anafunsa bwanji osangoika `mutex` wamba. Kumva nzeru zako zakale zikutuluka m'kamwa mwa wina pa tsiku limene zakugwetsa, zimanyansa. Komanso ndinali ndisanadye kanthu.

Amene anandithandiza kuwayankha ndi mayi amene amakolopa muofesi mwathu. Anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi ndowa ndi mopu, anthu akungosinthana, uyu wadzatenga shuga, uyu wadzatsuka kapu. Anadikira, anadikira. Kenako anakoka mpando n'kuupingasa pakhomo. "Amene muli m'katimo malizani, enanu dikirani kaye." Sanatulutse munthu. Anangotseka polowera, ndipo posakhalitsa m'khitchini munali mbee.

Ndinawakodola achimwene: mpando uwo ndi umene tikusowa. Nkhaniyi si yatsopano n'komwe. Courtois, Heymans ndi Parnas anailemba mu 1971, ndipo anapereka njira zonse ziwiri, yokondera owerenga ndi yokondera olemba. Mu `glibc` mpandowo umaikidwa chonchi:

```c
pthread_rwlockattr_t a;
pthread_rwlockattr_init(&a);
pthread_rwlockattr_setkind_np(&a,
    PTHREAD_RWLOCK_PREFER_WRITER_NONRECURSIVE_NP);
pthread_rwlock_init(&loko, &a);
```

Wolemba akangofika, owerenga atsopano amaima panja, a m'kati amamaliza m'mamilisekondi ochepa aja, iye n'kulowa. Ndinayesa pa makina oyesera ndi katundu wa masana. Mitengo inalowa nthawi yomweyo, kasanu motsatizana. Ndinayamba kale kuganiza za chipisi cha pa chiwaya.

Kachisanu ndi chimodzi zonse zinaima. Pulosesa zii. `gdb` inaonetsa chithunzi china: wolemba pa `wrlock` ngati kale, koma tsopano owerenga onse ali pa `pthread_rwlock_rdlock`, palibe akusuntha. Kusiyana kwake ndakuloweza lero. Njala ya wolemba imakhala yaphokoso, aliyense akugwira ntchito kupatula mmodzi. Dediloko imakhala chete ngati kumanda.

Mawu akuti `NONRECURSIVE` ndinangowalumpha powerenga, chonsecho ndi chenjezo. Fankishoni yathu yowerengera mtengo imatenga loko yowerengera, kenako imaitana ina yowerengera msonkho, yomwenso imatenga loko yomweyo. Kale izi sizinkavuta, poti wowerenga ankalowa nthawi iliyonse. Tsopano wolemba akafika pakati pa kutenga koyamba ndi kwachiwiri, thuredi imaima pa mpando, chikhalirecho phazi lina lili m'kati. Iyo ikudikira wolemba alowe, wolemba akudikira iyo ituluke. Kukondera owerenga kuja sikunali kupusa kwa olemba `glibc`; kumateteza khodi yonga yangayi. Ngakhale `sync.RWMutex` ya Go, yomwe imatsekera owerenga atsopano wolemba akamadikira, imaletsa kutenga loko yowerengera kawiri pa chifukwa chomwechi.

Achimwene sananene kuti ndinakuuza. Anangomwa tiyi wawo wozizira, zomwe zinandipweteka kuposa.

Madzulo onse ndinakhala ndikusaka malo otenga loko kawiri. Ndapeza atatu. Ndawagawa kuti fankishoni ya m'kati isamatenge loko, izingodalira kuti woitanayo waigwira kale. Ndapezanso china chochititsa manyazi: wolemba amawerenga fayilo ya mitengo atagwira loko, mamilisekondi 50. Ndi mpando pakhomo, pa nthawi imeneyo pakanabwera mapempho 200, mathuredi onse 64 ataima. Tsopano amamanga tebulo latsopano panja, loko amaigwira pongosintha pointa.

Potuluka anandifunsa ali pa masitepe: "Nanga tsiku limene olemba adzachuluke? Akamadzabwera motsatizana, anjala adzakhala owerenga."

Zoona. Pamenepo pamafunika loko yosinthana, yoti wolemba akatuluka gulu la owerenga lomwe linadikira lilowe kaye wolemba wina asanalowe, kapena mzere wa woyamba kufika, monga `ReentrantReadWriteLock(true)` ya Java. Ife wolemba ndi mmodzi, amabwera mwa apo ndi apo. Ndinawayankha choncho, iwo anangoti "lero."

Sindinaikebe pa seva yeniyeni. Malo atatu ndawapeza ndi maso, ndipo pali laibulale ina yomwe imatiitana kuchokera m'kati mwake, sindinaitsegule. Mwina ndiike kauntala pa thuredi iliyonse yoti izikuwa loko ikatengedwa kawiri, igwire ntchito mawa tsiku lonse. Kapena mkuja. Magetsi angozima kumene, batire yatsala 11%.