Mmene ndimalembera mphunzitsi mnzanga zomwe ndaona m'kalasi mwake

Pepala lomwe umapatsa mnzako utaonerera phunziro lake likangodzaza mawu oyamikira, amaliwerenga, kumwetulira, n'kulitsekera m'kabati. Likadzaza zolakwa zokhazokha, sadzakuitananso. Ndifotokoze mmene ndinalembera pepala lotere nditaonerera phunziro la masamu la kuchotsera kofuna kubwereka.

Ntchito inayamba tsiku loonerera lisanafike. Ndinawafunsa aphunzitsiwo kuti maso anga akakhale pati, popeza munthu mmodzi sangaone zonse m'phunziro limodzi. Iwo anati, “Tikamachitira limodzi pa bolodi ana amayankha bwinobwino, koma ndikamachonga makope ndimapeza ambiri alakwa. Mukandionereko pomwe akusocherera.” Tinagwirizananso kuti zomwe ndilembe ndi za awirife, sizikalowa m'faelo yowayezera kagwiridwe ka ntchito. Popanda mgwirizano umenewu munthu amakuphunzitsira phunziro lachionetsero, ndipo zomwe waonazo sizikhala za masiku onse.

M'kalasimo ndinakhala kumbuyo, pepala langa nditaligawa patatu: nthawi, zomwe aphunzitsi anena kapena achita, ndi zomwe ana achita. Mawu akuti “bwino” kapena “zalakwika” sindilemba pa nthawi imeneyi, chifukwa ukaweruza msanga umasiya kuona. Ndinajambulanso malo omwe ana anakhala, ndipo mwana aliyense akayankha funso ndinkaika kachizindikiro pa malo ake. Ana atayamba kulemba paokha ndinazungulira n'kumasuzumira m'makope, monga tinapanganira.

Pomwe belu limalira ndinali ndi zinthu zogwirika. Pofotokoza 52 − 27, aphunzitsi anatenga mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kumasula mtolo umodzi ana akuona, kukhala mitolo inayi ndi timitengo 12. Mwana wina atayankha molakwa sanamudumphe, anamufunsa kuti afotokoze mmene wapezera. Pa mafunso 14 omwe anafunsa, 11 anayankhidwa ndi ana asanu a mizere iwiri yakutsogolo, ndipo funso likangotuluka, dzanja loyamba kukwera ndilo linkalozedwa. M'makope khumi omwe ndinaona, asanu ndi limodzi munali yankho lakuti 35 m'malo mwa 25. Yankho limeneli lili ndi chifukwa chake: mwana akaona kuti 2 sangachotsepo 7, amatembenuza n'kuchita 7 − 2, kupeza 5, kenako 5 − 2, kupeza 3. Sanabwereke n'komwe.

Ndisanalembe chilichonse tinakhala pansi tsiku lomwelo, ndipo ndinayamba ndi kuwafunsa iwo kuti phunzirolo aliona bwanji. Anatchula okha kuti nthawi yoti ana alembe inachepa. Mfundo imeneyo ndinaisiya m'manja mwawo, sindinaiwerenge pa malangizo anga, chifukwa chinthu chomwe munthu waona yekha sichifuna kumuuzanso.

Chidule changa sichipitirira tsamba limodzi. Pamwamba ndimaika tsiku, kalasi, mutu wa phunziro ndi funso lomwe mwini phunziro anandipatsa. Kenako zomwe zinayenda bwino, ndiye pomwe ambiri timachita ulesi. “Munakonzekera bwino” ndi mawu oti angalembedwe kwa mphunzitsi aliyense ngakhale usanalowe m'kalasi mwake, ndipo wowerenga amadziwa zimenezo. Kuyamikira kwenikweni kumatchula chomwe munthu wachita ndi chomwe chachitika mwa ana chifukwa cha icho, kuti adziwe choti asasiye. Ine ndinalemba kuti: “Pomwe munamasula mtolo uja, ana atatu omwe anali asanayankhulepo ananena okha kuti tsopano pali timitengo 12. Mutamufunsa mwana wolakwa uja kuti afotokoze njira yake, anazindikira yekha pomwe anasochera asanamalize kuyankhula.”

Pakati pa kuyamikira ndi malangizo sindiikapo “koma”. Ukalemba kuti “munachita bwino, koma”, munthu amaiwala zonse zakumayambiriro n'kuona ngati unkangomunyengerera kuti umubaye bwino. Ndimatseka ndime yoyamikira, n'kuyamba ina ndi funso lake lija: ana akusocherera pati?

M'zolemba zanga munali zambiri zoti ndikanatchula, monga malembo aang'ono pa bolodi ndi kuchedwa kugawa makope. Ndinasankha ziwiri zokha, zomwe zimayankha funso lawo, ndipo zina zonse ndinazisiya. Kulinganiza kuyamikira ndi malangizo si kuwerenga kuti uku zitatu, ukunso zitatu. Chofunika n'chakuti mbali zonse ziwiri ziime pa umboni wolemera mofanana, ndipo langizo likhale loti munthu angaliyese mawa lomwe popanda kugula kanthu kapena kupempha chilolezo.

Langizo loyamba ndinalimangira pa chinthu chomwe amachita kale bwino. Ndinalemba kuti timitengo tinagwira ntchito pa chitsanzo chimodzi, kenako tinaikidwa pambali n'kuyamba manambala okhaokha, ndipo m'makope asanu ndi limodzi mwa khumi munatuluka 35. “Mungayese kumasula mtolo ndi kulemba pa bolodi nthawi imodzi: mukamasula, mudule 5 n'kulemba 4, ndipo 2 akhale 12, kuti ana aone kuti zolembazo ndi zomwe zija achita ndi manja. Musanawauze kutsegula makope, apatseni samu imodzi ngati 43 − 17, aliyense alembe yankho pa kapepala n'kukweza m'mwamba. Amene alembe 34 m'malo mwa 26 ndi omwe akutembenuza manambala.”

Lachiwiri linali la kafunsidwe. Ndinawasonyeza chojambula chija, zizindikiro zitaunjikana kutsogolo, osaonjezapo mawu akuti amakondera. Chithunzicho chinawayankha chokha chifukwa chomwe pa bolodi zimaoneka ngati kalasi yonse yamva: omwe amayankha ndi asanu omwe amva. Ndinawapempha kuti akafunsa funso aziwerenga chamumtima mpaka katatu kapena kasanu asanaloze munthu, ndipo nthawi zina aziloza amene sanakweze dzanja. Mary Budd Rowe, pa kafukufuku wake wa m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika komanso ana oyankha amachuluka.

Nditamaliza ndimawerenganso mzere uliwonse n'kudzifunsa ngati ndingaloze pomwe uli m'zolemba zanga za m'kalasi. Ngati sindingathe, amenewo ndi maganizo anga chabe ndipo ndimawafufuta. Ndimachotsanso “nthawi zonse” ndi “simumachita”, popeza ndaona phunziro limodzi lokha. Mayina a ana sindilemba.

Pepalalo ndinawapatsa kuti aliwerenge lisanakhale lomaliza. Anati, “Aphunzitsi, awiri mwa asanu akutsogolowo ndinawaika dala pamenepo, samva bwino, ndipo ndimawafunsa kawirikawiri kuti nditsimikize kuti andimva.” Zimenezi munthu wokhala kumbuyo sangazidziwe. Tinazilemba m'chidulemo, ndipo langizo tinalisintha: awiriwo apitirize kuwafunsa monga kale, kudikira ndi kuloza akumbuyo kukhale pa mafunso otsalawo. Pansi pake tinalemba kuti pakatha milungu iwiri ndidzabweranso kwa mphindi 15 zokha, kudzaona zinthu ziwiri: mizere yomwe mayankho akuchokera, ndi kuchuluka kwa makope omwe akutembenuzabe manambala. Sabata yotsatira yake iwo adzakhala kumbuyo kwa kalasi yanga ndi pepala lawo logawa patatu.